Modelo ikukhoza 99% pa laputopu koma kumunda ikungolota, vuto lili pati?

phesi_lobiriwira
Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Ndikupanga pulojekiti ya chaka chomaliza, modelo yozindikira vuto la chimanga poyang'ana chithunzi cha tsamba. Magulu ndi atatu: tsamba labwinobwino, lodyedwa ndi ntchemberezandonda, ndi la chiwawu. Zithunzi ndinajambula ndekha ndi foni, zilipo 600. Poona kuti zachepa ndinazichulukitsa. Chilichonse ndinachitembenuza, kuchipendeketsa, kuchidula m'mbali, kuchiwalitsa ndi kuchidetsa pang'ono, mpaka chimodzi chinabala zina 9. Zonse pamodzi zinakwana 6,000. Kenako ndinasakaniza n'kugawa, 4,800 mu `train`, 1,200 mu `test`. Ndikugwiritsa ResNet18 ndipo pa `test` ikukhoza 99.1%. Koma mnzanga wanditumizira zithunzi za m'munda mwawo ku Dedza, modelo ikungolota basi. Tsamba loti mbozi zaliboola paliponse ikuti ndi labwinobwino. Ndiwonjezere maepoki kapena ndisinthe modelo?

kabaza_dev
99.1 ndiye mukudandaula chiyani? Lembani lipoti mukatenge digiri yanu achimwene.

mbewa_ya_waya
ResNet18 ndi yaing'ono. Yesani ResNet50, komanso maepoki afike 50.

gogo_wa_khodi
Musasinthe modelo, musawonjezere epoki ngakhale imodzi. Vuto mwalitchula kale nokha pamene mwati munachulukitsa kenako n'kugawa. Tangoganizani za chithunzi chimodzi, tinene `IMG_0412`. Pano chili ndi abale ake 9 ndipo onse khumi munawathira mu chisakanizo chimodzi. Pafupifupi asanu ndi atatu agwera mu `train`, awiri mu `test`. Ndiye modelo ikafika pa mayeso ikupeza tsamba lomwe lija, bowo lomwelo, mthunzi wa chala chanu womwewo, kungoti lapendekeka pang'ono. Siikuyenera kudziwa ntchemberezandonda kuti ikhoze. Ikungokumbukira kuti tsamba ili ndinaliona ndipo yankho lake linali lakuti. Mwana wolowa m'mayeso ndi likasa ameneyu, ndipo mwamupatsa ndinu.

Tiwerengere. Chithunzi cha mu `test` chikhala choyera pokhapokha abale ake onse 9 agwerenso mu `test`. Mwayi wa aliyense ndi 0.2, ndiye 0.2 kuchulukitsa yokhayokha ka 9. Zimenezo ndi pafupifupi kamodzi pa 2 miliyoni. Mwa zithunzi zanu 1,200 zija palibe n'chimodzi chomwe chimene modelo sinaonepo m'bale wake.

phesi_lobiriwira
Koma agogo, zithunzizo si zofanana ayi. Ndinayang'ana ndi `md5sum`, palibe fayilo yobwerezedwa ngakhale imodzi. Ndipo cholinga chochulukitsa si chomwecho, kuti tipeze zithunzi zatsopano?

gogo_wa_khodi
`md5sum` imasintha yonse mukangosintha pikiselo imodzi, ndiye singakuuzeni kanthu pa nkhani iyi. Fayilo ndi yatsopano inde, koma tsamba ndi lakale. Kuchulukitsa kumaphunzitsa modelo kuti bowo la mbozi ndi bowo ndithu kaya foni yapendekeka kaya dzuwa laphimbika ndi mtambo. Ntchito yake imathera pomwepo. Sikungakubweretsereni munda womwe simunapondemo.

Maina a mafayilo munawasiya bwanji? Ngati ali ngati `IMG_0412_aug3.jpg` thamangitsani ichi mutiuze nambala ziwiri zomwe zituluke:

```python
from pathlib import Path
def tsinde(d):
    return {p.stem.split("_aug")[0] for p in Path(d).rglob("*.jpg")}
print(len(tsinde("test")), len(tsinde("test") & tsinde("train")))
```

phesi_lobiriwira
Zatuluka `539 539`.

kabaza_dev
Maliro.

gogo_wa_khodi
Ndi zimenezo. Mwa zithunzi zenizeni 600, zokwana 539 zili ndi mwana mu `test`, ndipo zonse 539 zilinso ndi ana mu `train`. Bwererani ku 600 zoyambirira. Gawani zimenezo kaye, foda ya `test` muitseke, kuchulukitsa kuchitike ku `train` kokha.

nachisale_ml
Ine ndikuvomera kuti deta yadontha, palibe wotsutsa. Koma sindikuona kuti ndi chimene chagwetsa modelo ku Dedza. Zithunzi za mnzawoyo zajambulidwa ndi foni ina, dothi lina, mwina mtundu wa chimanga wina. Kumbukirani za PlantVillage, deta ya zithunzi za masamba a mbewu. Zithunzi 54,306, ndipo amene analemba za izo mu 2016 anapeza 99.35%, koma atayesa pa zithunzi zochokera kwina anatsikira pa 31% ndi pang'ono. Masamba awo anali othyoledwa n'kugonekedwa pamalo a mtundu umodzi, ndiye modelo itakumana ndi zithunzi za mtundu wina inasokonezeka. Achimwenewa atha kugawa bwinobwino monga agogo akunenera, ku Dedza n'kulepherabe.

gogo_wa_khodi
@nachisale_ml mukunena zoona achemwali, ndipo sindinalonjeze kuti kugawa bwino kuchiritsa za ku Dedza. Ndi matenda awiri osiyana. Kungoti loyambali likubisa lachiwiri. Akanagawa bwino, nambala ikanawachenjeza iwo asanatuluke m'chipinda. Panopa sitikudziwa n'komwe ngati modelo yaphunzira kanthu za chiwawu, chifukwa choyezera chake n'chowonongeka. Tikonze sikelo kaye, za foni ya mnzawo tizione pambuyo.

mbewa_ya_waya
Njira yachidule yodziwira kudontha: mukaona `val_acc` yaposa `train_acc`, dziwani kuti deta yadontha. Nthawi zonse.

nachisale_ml
Nthawi zonse ayi. Mukamachulukitsa moyenera zimenezo zimachitika kawirikawiri ndithu. Pophunzitsa, modelo ikuona zithunzi zopendekeka, zodulidwa, zakuda, komanso `Dropout` ili yoyaka. Poyesa ikuona zithunzi zoongoka ndipo `Dropout` yazima. Mayeso apepuka kuposa homuweki, ndiye `val_acc` kukwera pang'ono si mlandu. Chimene chimandidzidzimutsa ine ndi china: deta yochepa, yojambulidwa kumunda ndi dzuwa losinthasintha, koma pofika epoki yachiwiri kapena yachitatu nambala zonse ziwiri zili pa 98 ndipo zikuyendera limodzi osasiyana. Pamenepo ndimasiya zonse n'kukatsegula mafoda.

tchuthi_chatha
Pepani kulowerera. Inenso ndili ndi vuto la kudontha. Ndikamaphunzitsa, memore ya GPU imangodzaza pang'onopang'ono mpaka `CUDA out of memory` pa epoki ya 7. Ndi zomwezi?

kabaza_dev
Mwasochera bwana, uko ndi kudontha kwina. Mwina mukusunga `loss` mu lisiti popanda `.item()`. Tsegulani funso lanu padera.

phesi_lobiriwira
Ndabwerera ku 600 zija. 480 `train`, 120 `test`, kuchulukitsa ku `train` kokha. Tsopano ndi 90.8%. Zandipweteka koma chabwino. Ndilembe imeneyi?

gogo_wa_khodi
Dikirani kaye. Ndikufunseni za tsiku lojambula. Mukafika pa phesi lodwala munkajambula kamodzi n'kupita, kapena munkajambula kangapo?

phesi_lobiriwira
Kawiri katatu, nthawi zina kanayi. Pena dzanja limanjenjemera ndiye umabwereza. Penanso ndinkazungulira kuti ndilitenge mbali ina.

gogo_wa_khodi
Ndiye munachulukitsa kale ndi dzanja musanafike n'komwe pa kompyuta. Zithunzi zitatu za tsamba limodzi, zojambulidwa motsatana, ndi abale chimodzimodzi ngati zija za `_aug`. Chimodzi chikagwera mu `test`, mwayi woti ziwiri zinazo zigwerenso komweko ndi 0.2 kuchulukitsa 0.2, kutanthauza 4 pa 100. Zotsala 96 pa 100 zili ndi m'bale ku `train`. Ndiye 90.8 yanuyo idakali ndi mafuta.

Izi zinagwirapo ndi anthu akuluakulu omwe. Deta ya ChestX-ray14 ili ndi zithunzi za m'chifuwa 112,120 koma odwala ake ndi 30,805 okha, ndiye munthu mmodzi amapezeka kangapo. Pepala la CheXNet, modelo yophunzitsidwa pa deta imeneyi, litangotuluka mu 2017 linali litagawa zithunzi mwachisawawa, anthu anafunsa, ndipo lokonzedwa linagawa potsata wodwala. Ngakhale CIFAR-100 imene aliyense amayeserapo, ofufuza anapeza kuti pafupifupi 10% ya zithunzi zoyesera zili ndi mapasa ake ku zophunzitsira, ndipo ku CIFAR-10 ndi 3% ndi pang'ono.

Funso loti mudzifunse ndi ili: modelo ikadzapita kwa mlangizi wa zaulimi, chidzakhale chachilendo kwa iyo n'chiyani? Tsamba lidzakhala lachilendo, phesi lachilendo, munda wachilendo. Ndiye mayeso anu akhalenso otero. Munda wonse upite mbali imodzi.

```python
from sklearn.model_selection import GroupShuffleSplit
g = GroupShuffleSplit(n_splits=1, test_size=0.2, random_state=0)
tr, te = next(g.split(mafayilo, matenda, groups=munda))
assert not set(munda[tr]) & set(munda[te])
```

Chenjerani kuti `test_size=0.2` apa ikuwerenga minda, siikuwerenga zithunzi. Munda umodzi ukakhala ndi zithunzi zambiri, `test` itha kutupa kapena kufota. Muwerenge zomwe zagwera uku ndi uku musanapitirire.

phesi_lobiriwira
Vuto ndi loti sindinalembe kuti chithunzi chiti n'cha munda uti. Zonse zili mu mafoda atatu a matenda basi.

nachisale_ml
Foni inakulemberani. Mu EXIF muli `DateTimeOriginal`, ndipo ngati GPS inali yoyaka mulinso malo. Sanjani zithunzi potsata nthawi. Zotalikirana masekondi ochepa ndi phesi limodzi. Pomwe pali mpata wa theka la ola kapena kuposa, mwina munasamuka munda. Koma mutenge mafayilo ochokera mu foni mwenimweni. Zomwe zinadutsa pa WhatsApp ngati chithunzi wamba zimafika EXIF itachotsedwa.

mbewa_ya_waya
Bwanji osangogwiritsa `imagehash.phash`? Zithunzi zofanana zimapereka manambala oyandikana, n'kuchotsa mapasa onse kamodzi.

gogo_wa_khodi
Imathandiza pa chithunzi chomwe chachepetsedwa kapena kusungidwanso ngati JPEG. Chikatembenuzidwa kapena kupendekeka kwambiri, `phash` imachiona ngati chachilendo, ndiye abale ambiri a `_aug` ingawaphonye. Tsamba lomwe munthu walizungulira n'kulijambula mbali ina ndiye siingaligwire n'komwe. Ine ndimadutsitsa zithunzi zonse mu ResNet yosaphunzitsidwa pa deta yanga, kutenga manambala a gawo lotsatana ndi lomaliza, kenako pa chithunzi chilichonse cha `test` kufunafuna choyandikana nacho kwambiri mu `train`. Mapeya 30 oyandikana kwambiri ndimawaika pambalipambali n'kuwaona ndi maso. Ukaona bowo looneka ngati impso pafupi ndi msempha wapakati, uku lili uku lili, sufunanso masamu.

kabaza_dev
Inu mukukamba zodutsitsa zithunzi mu ResNet kawirikawiri ngati magetsi ndi a bambo anu. Kuno laputopu ikafika 40% timayamba kupemphera.

phesi_lobiriwira
Kunena zoona n'chifukwa chake ndinasunga zochulukitsazo pa disiki. Ndinkafuna ndichite kamodzi, ndikweze zipu imodzi pa intaneti usiku bandulo ikatchipa, basi.

tchuthi_chatha
Bandulo ya usiku imene ija imathera pa 90% ya kukweza? Ine ndinasiya, ndimapita kukakhala pafupi ndi laibulale.

nachisale_ml
Komatu achimwene mwadzivutitsa. Zithunzi 600 n'zopepuka kukweza kuposa 6,000. Kwezani zenizenizo, muzichepetse kaye kukula, kuchulukitsa kuzichitika pophunzitsa pomwepo ndi `transforms`. Epoki iliyonse modelo imaona kapendekekedwe kena, pomwe pa disiki imangobwereza 9 zomwe zija. Bandulo yapulumuka, ndipo palibe fayilo ya `_aug` yoti isocherere mu `test`.

dzungu_la_mphonda
Ndikuwerenga mwakachetechete koma apa ndiyankhulepo, chifukwa njira ya pompopompoyi ilinso ndi dzenje lake. Tinali ndi ntchito ya zithunzi za nsomba pa gulu lathu, mnzathu wina analemba chonchi:

```python
tr, va = random_split(ds, [480, 120])
va.dataset.transform = wamba
```

Iye ankaganiza kuti wazimitsa kuchulukitsa ku `va` kokha. Koma `tr.dataset` ndi `va.dataset` ndi chinthu chimodzi, `random_split` imangogawa manambala a malo. Ndiye anazimitsa konsekonse, modelo n'kumaphunzira popanda kuchulukitsa kulikonse, ife n'kumadabwa kuti bwanji tikasintha madigiri a `RandomRotation` palibe chikusintha. Ukapanda mzere wachiwiriwo ndiye `va` nayonso imapendekeka, nambala zake n'kumavina epoki iliyonse. Mankhwala ake ndi kupanga `Dataset` ziwiri zosiyana, iliyonse ndi `transform` yake, n'kuzipatsa lisiti ya mafayilo yomwe mwagawa kale. A Keras musaseke, `ImageDataGenerator` imodzi yokhala ndi `validation_split` imapendeketsanso mbali zonse ziwiri.

gogo_wa_khodi
Zoona zimenezo, ngakhale kumeneko si kudontha kwenikweni, zithunzi sizinaoloke malire. Koma n'kofunika kudziwa. Musanaphunzitse, tulutsani zithunzi 16 kuchokera mu `DataLoader` iliyonse muzione. Za `train` zioneke zosokonezeka, za `val` zioneke monga zinachokera mu foni.

phesi_lobiriwira
EXIF ilipo. Ndapeza minda 9. Koma taonani vuto lina: zithunzi za chiwawu ndi 80 zokha ndipo 55 mwa izo zachokera m'munda umodzi wa kudimba. Ukapita ku `test` mundawo, `train` itsala ndi 25. Ukapita ku `train`, `test` ikhala ndi chiwawu chochepa zedi kapena osakhala nacho. Ndichulukitse chiwawu chokha kuti chifanane ndi anzake?

mbewa_ya_waya
Eya, ka 4 chiwawu chokha, enawo asiyeni. Magulu alingane.

nachisale_ml
Samalani pamenepo. Mukapendeketsa chithunzi, m'makona mumatsala timakona takuda pokhapokha mutadula kapena kudzazamo. Ngati gulu la chiwawu lokha ndi lomwe lili ndi timakona timeneto, modelo iphunzira kuti kona yakuda ndiye chiwawu. N'chosavuta kuona kuposa timadontho ta pa tsamba. Ku `test` yoyera kulibe kona yakuda, ndiye chiwawu chonse ichiphonya. Ndipo zikanakhala kuti munachita zimenezi musanagawe ngati poyamba paja, kona ikanapezeka mbali zonse, n'kukupatsani 100% pa chiwawu yopanda pake. Kuchulukitsa kukhale kofanana pa magulu onse. Kuti chiwawu chizioneka kawirikawiri gwiritsani `WeightedRandomSampler`, kapena ikani `weight` mu `CrossEntropyLoss`.

Chinanso, `ColorJitter` musaitsegule kwambiri pa `hue`. Chiwawu chimadziwika ndi mtundu. Mukasandutsa tsamba lobiriwira kukhala lachikasu kapena lofiirira koma dzina likadali "labwinobwino", mukuinamiza modelo.

gogo_wa_khodi
Pa minda 9 ine sindingadalire kugawa kamodzi. Chitani `StratifiedGroupKFold` ndi magawo atatu, munda uliwonse ulawe kukhala woyesera kamodzi, ndipo mulembe nambala zonse zitatu, osati yokoma yokhayo. Gawo lomwe munda wa kudimba uli ku `test` lidzaoneka loipa, ndipo limenelo ndi lomwe likuuzani zoona za chiwawu.

dzungu_la_mphonda
Apa ine ndiye sindikugwirizana nanu agogo. Mwa minda 9, kugawa potsata munda kukulanga mwanayu mopitirira. Gawo limenelo modelo iphunzira chiwawu pa zithunzi 25 zokha, ndiye kulephera kwake kudzakhala kwa njala ya deta. Ine ndikanagawa potsata phesi. Palibe tsamba lobwerezedwa, ndipo deta ikwanira.

gogo_wa_khodi
Potsata phesi, dothi lakuda la kudimba lija lipezeka mbali zonse ziwiri, ndipo 55 mwa 80 za chiwawu zili pa dothi limenelo. Modelo itha kungophunzira dothi.

dzungu_la_mphonda
Itha, koma simukudziwa ngati yatero. Ayese: aphimbe tsamba, asiye za kumbuyo zokha, aphunzitse. Ikakhoza kwambiri kuposa kungolota ndiye mwapambana ndinu.

nachisale_ml
Mayeso abwino amenewo, koma kuphimba masamba 600 ndi dzanja si masewera. Alembe zonse ziwiri mu lipoti, ya phesi ndi ya munda, anene kuti iliyonse ikuyankha funso lanji. Ya phesi ikuti "m'minda yomwe ndikuidziwa", ya munda ikuti "kwa mlimi wachilendo".

kabaza_dev
Funso la ine wosaphunzira. `test` ya 120 ikuchepa. Bwanji osagawa kaye bwinobwino, kenako n'kuchulukitsa `test` payokha ifike 1,200? Palibe chaoloka malire.

gogo_wa_khodi
Palibe chaoloka inde, koma mwadzinamiza pa kukula kwa mayeso. Pa zithunzi 120 ndi kukhoza kwa 80%, nambala yeniyeni itha kukhala mapointi 7 kumwamba kapena kumunsi. Mukanena kuti ndi 1,200 masamu akupatsani mapointi 2 okha, chonsecho masamba ndi 120 omwe aja. Ndipo kwa phesi_lobiriwira ngakhale 7 ameneyo ndi wochepa, poti zithunzi zake zimabwera zitatuzitatu. Chololedwa ndi china: poyesa, kupatsa modelo chithunzi chimodzi choongoka ndi chotembenuza, kuphatikiza mayankho n'kutulutsa yankho limodzi. Chimawerengedwa kamodzi. Koma mukachita zimenezo pa mayeso, muzichitanso mu apu ya pa foni, apo ayi nambala yanu si ya chinthu chomwe mlimi wagwira.

mbewa_ya_waya
Nanga `mean` ndi `std` za `Normalize`? Ndinamva kuti ukawerengera pa deta yonse ndi kudonthanso.

nachisale_ml
Mwa lamulo inde, ziwerengedwe pa `train` yokha. Koma ndi manambala 6 okha, sangakweze munthu kuchoka pa 80 kufika 99. Ndipo ngati akuyambira pa ResNet18 ya ImageNet amangogwiritsa `[0.485, 0.456, 0.406]` ndi `[0.229, 0.224, 0.225]`, nkhani n'kutha. Chomwe chimandiopsa kuposa ichi ndi kusankha madigiri a kupendeketsa ndi mphamvu ya `ColorJitter` poyang'ana `test`. Ukayesa makonzedwe ambirimbiri n'kutenga omwe akoma pa `test`, foda ija yasanduka `val` mwakachetechete. Zoyesayesazo zichitikire pa minda ya mkati mwa `train`.

phesi_lobiriwira
Zotsatira. Potsata phesi: 84%. Potsata munda, magawo atatu: 81, 77 ndi 63. Ya 63 ndi ija munda wa kudimba uli ku `test`, chiwawu yapeza 19 mwa 55, zambiri ikuti n'zabwinobwino. Ntchemberezandonda ikuigwira bwino magawo onse. Vuto tsopano ndi supavaiza, chifukwa 99.1 ija anaiona kale ndipo anaikonda.

gogo_wa_khodi
Apititsireni mapeya asanu a zithunzi, cha `train` kumanzere cha `test` kumanja, tsamba lomwelo. Kenako `539 539` ija. Ndipo tebulo la nambala zonse, kuyambira 99.1 mpaka 63, likhale mutu wakewake mu lipoti.

dzungu_la_mphonda
Ine ndikadali pa mfundo yanga, 63 imeneyo ndi ya zithunzi 25, si ya dothi. Mukapeza chiwawu cha minda ina iwiri muyesenso, mudzatiuze.

phesi_lobiriwira
Chimanga chayamba kuuma kuno, chiwawu chatsopano ndichipeza kudimba kokha. Zithunzi za mnzanga wa ku Dedza zija zilipo 40 ndipo tsopano ikukhoza 26. Ndiziike mu `train` kuti deta ichuluke, kapena ndizisunge?

nachisale_ml
Zisungeni. Ndi zokhazo zomwe zachokera mu foni ina. Ndipo mulekeretu kuziyesa mukangosintha kanthu. Mumufunsenso mnzanuyo ngati 40 zimenezo ndi mapesi 40 kapena nayenso dzanja limanjenjemera.